Mawu a pa kapepala ka tsiku loyezetsa: momwe ntchito ikuyendera

Lachiwiri, 22 Epulo 2025

Komiti yandipatsa ntchito yolemba mawu a Chichewa a pa kapepala kolengeza tsiku loyezetsa matenda mwaulere pa kakiliniki kathu kuno ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Tsikulo ndi Loweruka pa 17 Meyi, lomwenso ndi tsiku lokumbutsana za matenda a BP padziko lonse. A Chingerezi ndi a Chizulu akulemba anthu ena. Anga ndi a Amalawi a kuno, a ku Berea, Bertrams ndi Hillbrow, ndi wina aliyense amene kapepalako kadzamupeze pa WhatsApp.

A Sisitala oyang'anira kiliniki andipatsa pepala la zomwe zidzachitike: kuyeza BP, shuga, HIV, chifuwa chachikulu ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ndimati ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndalemba ndili m'takisi, ndipo chiyambi chake chili motere:

"Chidziwitso! Chidziwitso! Tikudziwitsa anthu onse kuti kudzakhala kuyezetsa magazi kwaulere pa 17/05 ku kiliniki. Onse ndi olandiridwa. Kupewa kumaposa kuchiza. Musaphonye mwayi umenewu."

Pansi pake pali mawu ena opitirira 100 ofotokoza kuopsa kwa matenda aliwonse. Ndasangalala nawo.

Lachisanu, 25 Epulo

Chisangalalo chija chatha. Ndinasindikiza timapepala titatu n'kupatsa anthu atatu amene sali m'komiti: achimwene ometa tsitsi, mayi wina wogulitsa masamba pa msika wa mu msewu wa Rockey, ndi mnyamata wa ku Nkhata Bay yemwe amagwira ntchito ya m'munda ku Houghton. Sindinawafunse ngati mawuwo ali bwino, chifukwa Mmalawi ukamufunsa choncho amangoti ali bwino ndithu. Ndinawasiya awerenge, n'kulanda kapepalako, kenako ndinafunsa mafunso atatu: mupita kuti, nthawi yanji, ndipo akakuyezani chiyani?

Funso lachitatu onse anayankha mofanana: HIV. Achimwene ometa aja anachita kuseka. "Mwalemba nokha kuti kuyezetsa magazi. Nanga kwathu munthu akati ndikukayezetsa magazi amakhala akunena chiyani?" Akunena zoona. Ine ndimaganiza za kadontho ka magazi ka pa chala koyezera shuga, koma mawu amenewa anatengedwa kalekale ndi nkhani ya HIV, ndipo sangabwererenso. Mayi wa masamba uja anati iye anayezetsa kale mu Janyuwale, choncho tsikulo silikumukhudza. Mayi yemweyo ali ndi zaka zopitirira 50, mutu umamupweteka pafupipafupi, ndipo BP sanayezetsepo chibwerereni ku Joni. Munthu amene tikumufuna kwambiri, kapepala kanga kanamuuza kuti akhale kunyumba.

Mafunso awiri oyamba palibe anayankha. Nthawi sindinailembe n'komwe, ndipo "ku kiliniki" m'dera lino kukhoza kukhala malo angapo.

Zomwe ndasintha lero: mawu oti "kuyezetsa magazi" achoka. Matenda onse asanu atchulidwa maina, ndipo BP ndi shuga ndiye zili koyambirira. Ndinalingalira zolemba "kuthamanga kwa magazi", monga amanenera pa wailesi kwathu, koma anthu atatu onsewa pocheza amati BP, ndiye ndasiya BP. Mawu 100 ofotokoza matenda aja ndawachotsa onse. Palibe amene anawafika powerenga.

Lolemba, 28 Epulo

Lero ndi holide, poti Tsiku la Ufulu la kuno linagwera Lamulungu. Ndapeza mpata wokhala ndi a Sisitala pafupifupi maola awiri, ndipo nkhani yaikulu inali mzere woti "onse ndi olandiridwa".

Iwo anaukana mzerewu pa zifukwa ziwiri zosiyana. Choyamba, munthu amene sakumva kudwala akawerenga kuti onse, amaona kuti sakunena iyeyo. BP nthawi zambiri siipweteka, shuga nayenso amayamba mwakachetechete, ndiye munthu woyenda bwinobwino alibe chomudzutsa m'mawa wa Meyi kukuzizira. Afunika adzione yekha pa kapepalapo: zaka zake, kapena chizindikiro chomwe ali nacho. Chachiwiri, kunena kuti onse kumaitananso odwala kwambiri, amene malo awo si pa mzere wa tsikuli. Munthu wobanika, wopweteka pachifuwa, kapena amene mbali imodzi ya thupi yafooka mwadzidzidzi, asadikire pa 17. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tinayenda matenda amodziamodzi, iwo akunena malire ake, ine ndikusaka mawu ake.

BP adzayeza wamkulu aliyense, kuyambira zaka 18. Munthu amayamba wakhala pansi mphindi zisanu, kenako n'kuyezedwa. Makina akaonetsa 140/90 kapena kupitirira apo, amabwereza, ndipo ikakhalabe yokwera amamupatsa tsiku loti abwerenso, chifukwa kuyeza kwa tsiku limodzi sikokwanira kumuuza munthu kuti ali ndi matenda a BP. Ikafika 180/110 ndiye samulola kungopita, amaonedwa tsiku lomwelo. Manambala amenewa sadzalembedwa pa kapepala. Ndawasunga muno kuti odzagawa timapepala adziwe choyankha.

Pa shuga ndinafunsa funso lomwe ndikudziwa kuti anthu adzafunsa: tibwere osadya? A Sisitala anati ayi, ndipo anati ndilembe zimenezi poonekera. Kuyeza kwa tsikuli ndi kwa pa chala, nthawi ina iliyonse, munthu atadya kapena asanadye. Makina akaonetsa 11.1 kapena kupitirira ndiye chenjezo, ndipo munthuyo amaitanidwa tsiku lina kuti atsimikize. Kuyeza kwa munthu wosadya kumafuna maola asanu ndi atatu opanda chakudya ndipo malire ake ndi 7.0, koma kumeneko si kwa pa 17. Choopsa n'chakuti wina amene amamwa kale mankhwala a shuga akhoza kumwa mapiritsi, osadya, n'kuima pa mzere mpaka masana. Ameneyo akhoza kugwa. Mzere watsopano ndi uwu: "Idyani ndi kumwa mankhwala anu monga mwa masiku onse."

Chifuwa chachikulu chinali chosavuta, poti zizindikiro zake n'zotchulika: kutsokomola milungu iwiri kapena kupitirira, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kuwonda popanda chifukwa. Ndatenga zitatu. Makhololo amapita ku labotale, zotsatira sizituluka tsiku lomwelo.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa khomo la chiberekero. Kuno boma limayeza amayi kuyambira zaka 30, kamodzi pa zaka khumi zilizonse, ndipo amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi, zaka zitatu zilizonse. Koma njira yake ndi yosiyana ndi yomwe amayi ambiri a kwathu anaizolowera. Ku Malawi zipatala zambiri zimapaka viniga pa khomo la chiberekero, namwino n'kuyang'ana, mayi n'kuuzidwa pompo. Kuno amapala pang'ono pa khomopo n'kutumiza ku labotale, ndipo zotsatira zimabwera patapita milungu ingapo. A Sisitala sankadziwa za kusiyana kumeneku. Anati tsopano amvetsa chifukwa chake amayi ena a ku Malawi sabweranso kudzatenga zotsatira: akaona kuti sanauzidwe kanthu tsiku loyezedwalo, amati ndiye kuti zili bwino.

Kenako tinawerengera malo. Chipinda choyezera amayi ndi chimodzi, namwino wake mmodzi, ndipo mayi aliyense amatenga mphindi 15 kuphatikiza kuvula, kuvala ndi kulemba. Pa ola ndi amayi anayi. Kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko ndi maola asanu, ndiye kuti amayi 20, namwinoyo osapuma n'komwe. Titati tingolemba kuti amayi onse a zaka 30 abwere, n'kubwera 60, amayi 40 adzabwerera atataya tsiku la ganyu ndi ndalama ya takisi, ndipo chaka chamawa sadzatikhulupiriranso. Tagwirizana kuti kuyeza kumeneku kokha kukhale kolembetseratu.

Lachitatu, 30 Epulo

Nthawi. Kapepala ka Chingerezi kalemba 08:00 mpaka 14:00. Ine ndalemba "8 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana", ndipo tsiku ndalilemba lonse, Loweruka pa 17 Meyi, m'malo mwa 17/05. Anthu amakonza za mlungu ndi dzina la tsiku, osati nambala.

Koma 2 koloko ija ndi bodza laling'ono. Ndi nthawi yomwe anamwino amayamba kulongedza. Wofika 1:45 sangalembetse, kukhala mphindi zisanu za BP, kulandira uphungu wa HIV n'kudikira mphindi 15 kapena 20 za zotsatira zake. Ndipo odzafika nthawi imeneyo ndi anthu athu enieni, ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'munda omwe Loweruka amaweruka masana. Ndapempha kuti pa timapepala tonse tilembe nthawi yotseka kulembetsa, 1 koloko. Mnyamata wa ku Nkhata Bay uja akuti akapempha kuweruka 12 koloko afika. Akanaona 2 koloko yokha sakanapempha.

A Seveni Dei a m'komiti adandaula za Loweruka. Adandaula zoona, ndipo ndalephera kuwayankha. Tsikulo linasankhidwa kale.

Loweruka, 3 Meyi

Nkhani yomwe ndakhala ndikuizemba yatulukira pa msonkhano wa lero: mapepala.

Aliyense wa ife akudziwa kuti funso loyamba la Mmalawi wa ku Joni akamva za chipatala si lakuti kuli dokotala kapena ayi, koma lakuti akafunsa pasipoti ndi pemiti. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 27, amati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Mawu ake ndi aliyense, osati nzika zokha. Koma anthu sayendera zomwe zili m'buku. Amayendera zomwe anaona kapena kumva, ndipo amva za magulu amene amaima pa mageti a zipatala n'kumabweza obwera.

Achimwene ena m'komiti anafuna tilembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti "OPANDA MAPEPALA BWERANI". Amayi abusa anakana. "Achimwene, kapepala kameneka mukakamata pa mtengo wa magetsi, sikasankha woti akawerenge. Alipo ambiri kuno omva Chichewa amene si abale athu, ndipo kutanthauzira sikuchedwa. Mukufuna tsikulo tidzapeze anthu pa geti?" Ena anati ndiye tingokhala chete pa nkhaniyi. Kukhala chete nakonso n'kuyankha, chifukwa wamantha akaona kuti sitinanenepo kanthu amangoti adzafunsa.

Ndinaimbira a Sisitala msonkhano uli mkati n'kuwafunsa chinthu chimodzi: pa tebulo lolembetsera, munthu adzafunsidwa chiyani kwenikweni? Anati dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni yoti amuimbire zotsatira za ku labotale zikabwera. Ndinafunsanso ngati wodzakhala pa tebulolo akudziwa zimenezi, chifukwa lonjezo la pa kapepala adzalisunga kapena kuliswa ndi iyeyo. Anati amuuza, ndipo pambali pake padzakhala mmodzi wa ife womasulira.

Mzere womwe tagwirizana ndi uwu: "Polembetsa mudzangotchula dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni." Mawu oti pemiti mulibemo, koma wofuna yankho walipeza mu "mudzangotchula". Amayi abusa anauwerenga kawiri n'kunena kuti wamva wamva.

Mawu oti "mwaulere" nawonso tawamangira malire. Kuyeza n'kwaulere, koma tsikuli si logawa mankhwala. Kwathu munthu akamva kuti kwabwera achipatala aulere amayembekeza kubwerako ndi mapiritsi m'thumba, ndipo akabwerako ndi kalata yokha amati amunamiza. Ndawonjezera kuti opezeka ndi vuto adzapatsidwa kalata kapena tsiku lobweranso.

Lachiwiri, 6 Meyi

Malo. Ndinayamba ndi dzina la kiliniki ndi nambala ya nyumba, monga zilili pa kapepala ka Chingerezi. Ndinatuma mlamu wanga wa ku Turffontein, yemwe Yeoville saidziwa bwino, kuti akapeze malowo ndi kapepala kokha, osandiimbira. Anazungulira mphindi 25, ndipo atafika anaima pa geti lakutsogolo, lomwe Loweruka limakhala lokhoma. Kuyezako kudzachitikira m'holo ya kuseri, polowera pake ndi geti lobiriwira la m'mbali. Ife a m'komiti tonse timadziwa zimenezi, n'chifukwa chake palibe anaganiza zozilemba.

Tsopano mzere wa malo ukuyambira pomwe munthu amatsikira takisi, pa msika, n'kukathera pa geti lobiriwira. Adiresi yakhalabe pansi pake ndi zilembo zing'onozing'ono, kwa oyendera mapu a pa foni.

Lachinayi, 8 Meyi

Mawu omaliza, omwe apita kwa osindikiza lero. Dzina la kiliniki, adiresi ndi nambala ya foni sindinazilembe muno, zili pa kapepala penipenipo.

KUYEZETSA MWAULERE: BP, SHUGA, CHIFUWA CHACHIKULU, HIV, KHOMO LA CHIBEREKERO

Loweruka pa 17 Meyi, 8 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Kulembetsa kutha 1 koloko.

Malo: holo ya kuseri kwa kiliniki, ku Yeoville. Tsikani takisi pa msika wa mu msewu wa Rockey, yendani mphindi zisanu, lowani pa geti lobiriwira la m'mbali.

Bwerani ngati muli ndi zaka 18 kapena kupitirira ndipo chaka chatha musanayezetse BP kapena shuga, ngakhale mukumva bwino. Bwerani ngati mwatsokomola milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku kapena mukuwonda. Mudzasankha nokha zoti muyezedwe.

Amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo: malo oyezetsa khomo la chiberekero alipo 20 okha, lembetsanitu pa foni. Zotsatira zake zimabwera patapita milungu, tidzakuimbirani.

Idyani ndi kumwa mankhwala anu monga mwa masiku onse. Polembetsa mudzangotchula dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni. Opezeka ndi vuto adzapatsidwa kalata kapena tsiku lobweranso. Omasulira Chichewa adzakhalapo.

Mzere woti "mudzasankha nokha" unabwera mochedwa, kuchokera kwa achimwene ometa aja. Anati amuna ambiri adzaopa kuti ukangolowa kukayezetsa BP, akugwira chala n'kuyeza zonse. Kuyeza HIV kumafuna chilolezo cha mwini wake, ndiye mzerewo ukungonena zomwe zilipo kale.

Pali ziwiri zomwe ndazisiya dala. Amayi omwe ali ndi HIV oyenera kuyezedwa khomo la chiberekero asanafike zaka 30 sindinawatchule, chifukwa mtsikana wa zaka 24 akaoneka pa mzere umenewo, aliyense wowerenga kapepalako adzadziwa chomwe chamubweretsa. A Sisitala awauza okha akamabwera kudzatenga ma ARV. Za msambo nazonso, zoti mayi asadzayezedwe ali kumwezi, azinena wolandira mafoni polembetsa. Chenjezo la odwala mwadzidzidzi lalephera kulowa, malo atha, ndipo zikundivutabe mumtima. Ogawa timapepala ndawauza kuti azilinena pakamwa.

Ndi osindikiza tinakanganapo pang'ono. Pepala la A5 ndi laling'ono, ndipo mawu a Chichewa ndi aatali kuposa a Chingerezi, ndiye iwo anachepetsa zilembo kuti chithunzi cha namwino womwetulira chikwane. Ndinati chithunzi chichoke, zilembo zibwerere. Anthu a zaka 50 omwe tikuwafuna pa BP ndi omwewo amene maso ayamba kuvuta. Makina awo anaduladulanso mawu kumapeto kwa mizere, "chibe-rekero" ndi "mudzango-tchula", ndiponso anachotsa kachizindikiro ka mu "m'mawa" n'kukhala "mmawa". Ndakhala nawo mpaka takonza mzere uliwonse. Tasindikiza 500.

Lamulungu, 11 Meyi

Tagawa m'matchalitchi atatu lero, ndipo Lachisanu achimwene a Chiyao anatenga 100 kupita nato ku mzikiti. Pa WhatsApp ndatumiza chithunzi cha kapepala, komanso mawu omwewo olembedwa paokha, chifukwa ambiri amatseka zithunzi posunga bando. Amayi abusa ajambula mawu a mphindi imodzi akuwerenga kapepalako mokweza, kwa amene kuwerenga kumawavuta. Amenewo ndiye ayenda kuposa zonse.

Malo 20 a amayi aja adzaza pofika 4 koloko madzulo. Ena asanu ndi awiri alembedwa kuti adzabwere mkati mwa mlungu wotsatira.

Lolemba, 19 Meyi

Ndinakhala pa tebulo lolembetsera kuyambira m'mawa mpaka 1 koloko, ndikulemba mafunso omwe anthu ankafunsa, poti funso lililonse lobwerezedwa ndi mzere womwe kapepala kanaphonya. Za kudya sanafunse aliyense. Za pemiti anafunsa awiri okha, monong'ona. Mayi wa masamba uja anabwera, BP yake inali 162/98 ulendo woyamba ndi 158/96 atabwereza, ndipo wapatsidwa tsiku lobweranso.

Funso lomwe linabwera kasanu ndi kamodzi ndi la ana. Amayi anafika ndi ana kumbuyo ndi timabuku tawo ta sikelo m'manja, poganiza kuti kuli katemera ndi kukweza sikelo. Kapepala kanati zaka 18, koma sikananene kuti za ana kulibe, ndipo kwa mayi tsiku la achipatala ndi la mwana poyamba. Tinawauza kuti abwere mkati mwa mlungu. Awiri anakwiya, mmodzi anali atachokera ku Rosettenville ndi matakisi awiri.

Geti nalonso latipusitsa. Eni holo analipaka penti Lachinayi, ndipo pofika Loweruka linali lakuda. Tinachita kuimikapo mwana wa amayi abusa atanyamula kapepala m'mwamba. Pa kapepala kotsatira ndalemba kale zoti ndidzasinthe: "geti la m'mbali, dzanja lamanja mukamachokera ku msika", ndi mzere wina woti "Katemera ndi sikelo ya ana kulibe tsikuli, bwerani nawo Lolemba mpaka Lachisanu." Kuti mzere umenewu ukwane pafunika kuchotsa mawu pafupifupi khumi, ndipo sindinapezebe oti achoke.